Mpingu, Msundwe, Nsaru: malamulo a liwu la m'mphuno m'Chichewa

Woyenda pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji amadutsa pa Mpingu, kenaka pa Msundwe, asanafike ku Namitete. Dzina lapakatilo ena amalilemba Msundwe, ena Nsundwe, ndipo ngakhale m'nyuzipepala mumapezeka zonse ziwiri. Koma palibe amene amalemba Npingu, ndipo palibe mwana wa ku Nambuma amene analakwitsapo n'kunena kuti kwawo ndi ku Nanbuma. Pali malo amene m ndi n amasinthana, pali malo amene sangasinthane zivute zitani. Zimenezi zili ndi malamulo ake, ndipo malamulowo angathe kulembedwa mwachidule ngati masamu: cholowa uku, chotuluka uko, pakati lamulo.

Tiyambe ndi kamwa. Potchula m, n, ny kapena ng', mpweya umatulukira m'mphuno chifukwa m'kamwa mwatsekedwa penapake. Chosiyanitsa maliwu anayiwa ndi malo amene patsekedwapo. Pa m ndi milomo. Pa n ndi nsonga ya lilime yogunda nkhama za mano akumwamba. Pa ny ndi pakati pa lilime. Pa ng' ndi kumbuyo kwa lilime, kufupi ndi kukhosi. Tsono tchulani pang'onopang'ono mbuzi, mfuti, ndodo, njoka, nkhuku, mukuima pa liwu loyamba. Mu mbuzi milomo yatsekana. Mu mfuti mlomo wam'munsi wakhudza mano akumwamba, ngakhale tikulemba m yemweyo. Mu nkhuku nsonga ya lilime ili gone pansi, ndipo liwu limene mukutulutsalo ndi lija la mu ng'ombe, osati la mu ndodo. Malembedwe athu amabisa zimenezi: zilembo ziwiri, m ndi n, zikuimira maliwu asanu.

Mayina onsewa ndi a gulu limene kusukulu timalitcha I-Zi, ndipo akatswiri a zilankhulo za Chibantu amalitcha gulu 9 ndi 10. Mphatikira wake ndi liwu la m'mphuno, koma liti? Si m, si n. Akatswiri amalilemba ndi N wamkulu, kutanthauza liwu la m'mphuno limene silinasankhe malo. Malowo limatengera kwa konsonanti yotsatira.

Kalembedwe ka malamulo kamene kanafala ndi buku la Noam Chomsky ndi Morris Halle la mu 1968, The Sound Pattern of English, kali ndi chimango chimodzi: `A → B / C _ D`. Timawerenga kuti A amasanduka B akakhala pakati pa C ndi D. Kamzere kapansiko ndi pamene pakhala liwu losinthalo. Titalemba zimene tamva m'kamwa zija motere, tipeza mizere isanu:

```
N → m / _ p, b
N → ɱ / _ f, v
N → n / _ t, d, s, z
N → ɲ / _ tʃ, dʒ
N → ŋ / _ k, g
```

Mizere imeneyi ndi yoona, koma ili ndi chilema. Wina atasokoneza, n'kulemba kuti N amasanduka m patsogolo pa k ndipo amasanduka ŋ patsogolo pa p, mndandandawo ungakhale wautali chimodzimodzi, wooneka bwino chimodzimodzi. Palibe chimene chikuonetsa kuti woyambawo ndi wachibadwa ndipo wachiwiriwo palibe kamwa limene lingaukonde. Ndiye chifukwa chake amagwiritsa ntchito chilembo cha Chigiriki, alefa, choimira chilichonse malinga chikhale chofanana mbali zonse ziwiri:

```
[+nasal] → [αplace] / _ [+consonantal, αplace]
```

M'Chichewa chake: liwu la m'mphuno limatenga malo a konsonanti imene ili patsogolo pake, kaya malowo ndi ati. Mzere umodzi wameza isanu ija, ndipo ukunenanso chifukwa chake. Kamwa limakonzekeratu liwu likubweralo, n'kutseka pamalo amodzi kamodzi, m'malo motseka kawiri. Lamuloli limagwiranso m'kati mwa mawu: Nambuma, Malingunde, munda, nyemba, chimanga. Limagwira ngakhale pa mawu amene anabwera ndi Apwitikizi n'kulandira mphatikira wathu. Tsinde la mbatata limayamba ndi b, mphatikira wake n'kukhala m. La nsapato limayamba ndi s, wake n'kukhala n.

Kuti tidziwe cholowa, sitiyenera kulota. Timafuna mawu apachibale amene tsinde lake likuoneka lopanda N. Kupatsa kumabala mphatso. Kutuma kumabala nthumwi. Kukalamba kumabala nkhalamba. Matenda ali pambali pa nthenda, chikuni pambali pa nkhuni. Apa tikuona kuti kusinthaku sikupita mbali imodzi yokha. N watengera malo kwa konsonanti, koma nayenso wasiya chizindikiro chake: p, t, k zalandira kampweya kamene timalemba ndi h. Chimodzimodzi kuchita ndi ntchito, pamene ntch ndi kalembedwe ka ch wa kampweya, monga mu Ntcheu, dzina limene kale linkalembedwa Ncheu. Palinso l amene amauma n'kukhala d: kulakatula kumabala ndakatulo. Malamulo awiriwa tiwatche kuumitsa:

```
p, t, k, tʃ → pʰ, tʰ, kʰ, tʃʰ / N _
l → d / N _
```

N'chifukwa chake m'kati mwa matsinde enieni a Chichewa simupeza mp, nt kapena nk wopanda h. Timati kupempha, kukantha, kusankha, munthu. Zilankhulo za anansi athu zimagwirizana nafe pa lamulo la malo, koma pa kuumitsa aliyense ali ndi njira yake. Pamene ife tikuti nkhuku ndi munthu, Ayawo amati nguku ndi mundu: kwa iwo k amasanduka g, t amasanduka d. Aswahili anataya N yense m'mawu amenewa, n'kutsala ndi kuku.

Mpaka pano zonse zikuyenda. Vuto likuyamba ndi dzina la Mpingu, ndi mawu ankhaninkhani ofanana nalo. Mu mtengo, mkaka, msika ndi mlendo, m akukhala maso ndi maso ndi t, k, s ndi l, koma sakusintha. Lamulo la alefa lija likuti mtengo uyenera kukhala ndi n. Ndipo mu Mpingu, mpando ndi mpeni, malo akugwirizana inde, koma h sakubwera. Lamulo lathu, monga talilembera, likulosera zinthu zimene kulibe.

Yankho aliyense amalidziwa ngakhale sanalilembepo. M ameneyu si N. Ndi mu- wa magulu a Mu-A ndi Mu-Mi amene wataya u wake. U uja amaonekabe tsinde likakhala la phatikizo limodzi: munthu, mutu, mudzi, munda, muzu. Tsinde likatalika u amagwa, koma m amatsala ali phatikizo payekha, ndi kutalika kwake, ndi kamvekedwe kake. Mawu oti m'bale ali ndi maphatikizo atatu. Mbale yodyera nsima ili ndi awiri. Khutu limamvanso kuti b wa mu m'bale ndi uja wokokera m'kati wa mu bambo, pamene wa mu mbale ndi wina. Tsinde limodzi lingathe kulandira mphatikira uyu kapena uyo, zotuluka zake n'kusiyana kutali: mtumwi wa m'Baibulo ndi nthumwi ya kumsonkhano onse achokera ku kutuma, mlakatuli ndi ndakatulo onse achokera ku kulakatula.

Wina angafulumire kunena kuti tingowonjezera mawu pa lamulo: N asinthe pokhapokha ngati sali phatikizo payekha. Zikanatheka pakanapanda mtundu wachitatu. Mawu oti ndi amafupika kwambiri polankhula, ndipo chotsala chake ndi liwu la m'mphuno limene nalonso ndi phatikizo payekha. Timati n'zoona, n'chifukwa chake, n'kovuta, n'kale. Mvetserani n wa mu n'kovuta: ndi ŋ, wa kukhosi uja. Ndipo patsogolo pa p amapita ku milomo: ndi pofunika amakhala m'pofunika, ndi pake amakhala m'pake. Malo watengera, koma h sanabweretse. Palibe amene amati nkhovuta kapena mphake. Tsono tili ndi maliwu a m'mphuno amitundu itatu. Woyamba amatengera malo ndipo amaumitsa. Wachiwiri amatengera malo koma saumitsa. Wachitatu sachita chilichonse mwa ziwirizi.

Apa ndi pamene kalembedwe ka cholowa ndi chotuluka kamaonetsa ntchito yake. Malamulo sagwira onse nthawi imodzi. Amabwera mondondozana, ndipo chotuluka cha lamulo ili ndicho cholowa cha linalo. Titenge mawu atatu amene matsinde ake onse akuyamba ndi ka, kuti kusiyana kulikonse kuchokere kwa mphatikira yekha.

```
cholowa           N-kalamba    ndi kale   mu-kazi
1 kuumitsa        N-kʰalamba   -          -
2 ndi → N         -            N kale     -
3 kutengera malo  ŋ-kʰalamba   ŋ kale     -
4 mu → m          -            -          m-kazi
chotuluka         nkhalamba    n'kale     mkazi
```

Tiyende nawo mzere ndi mzere. Pa sitepe yoyamba, k wa mu kalamba yekha ndiye wakhudzana ndi N, ndiye walandira h. K wa mu kale watchingidwa ndi i, wa mu kazi watchingidwa ndi u. Pa sitepe yachiwiri ndi wafupika, N wakumana ndi k, koma nthawi ya kuumitsa yapita kale. Pa sitepe yachitatu maliwu awiri a m'mphuno ali pafupi ndi k ndipo onse apita kukhosi. M wa mu- akadali kuseri kwa u. Pa sitepe yachinayi u wagwa, m wakumana ndi k, koma wapeza malamulo onse atadutsa. Zili ngati wofika pamsika wa Kasiya anthu atapasula kale: palibe chomugulitsa, abwerera monga anabwerera.

Kuti muone kuti ndondomekoyi si yongokongoletsa, isokonezeni. Ikani sitepe yachiwiri pamwamba pa yoyamba: n'kale asanduka nkhale. Ikani yachinayi pamwamba pa zonse: mkazi asanduka nkhazi, mlimi asanduka ndimi. Zonsezi kulibe. Umu ndi mmene lamulo lolakwika limagwidwira: mumalipatsa cholowa choona, n'kuona ngati likutulutsa mawu amene mwini chilankhulo angawakane.

Koma pali kusokoneza kumodzi kumene sikutulutsa zachilendo. Sinthanitsani sitepe yachitatu ndi yachinayi zokha, kuti u agwe kaye, kutengera malo kubwere pambuyo.

```
cholowa           mu-kazi   mu-tedza   mu-sika   mu-pando
1 kuumitsa        -         -          -         -
4 mu → m          m-kazi    m-tedza    m-sika    m-pando
3 kutengera malo  ŋ-kazi    n-tedza    n-sika    m-pando
chotuluka         nkazi     ntedza     nsika     mpando
```

Nkazi, ntedza, nsika, ntengo, nsonkhano. Ichi si Chichewa cholota. Ndi chimene mungamve pa Nsaru, pa Kabudula, m'minibasi za ku Lilongwe ndi m'madera ena ambiri, ndipo chimalembedwa pa zikwangwani za magolosale ndi m'mauthenga a pafoni tsiku ndi tsiku. M'thumba amamveka n'thumba, m'kamwa amamveka n'kamwa. Mawu omalizawo, mpando, akufotokozanso za Mpingu: m ali kale pa milomo, p ali pa milomo, palibe choti chisinthe, ndiye dzinalo limalembedwa mofanana ndi aliyense. Msundwe ndi Nsundwe asiyana chifukwa s sali pa milomo.

Chimene ine ndimachiona chofunika apa n'chakuti wonena ntedza sakuswa malamulo mwachisawawa. Sanena nthedza. Wonena ntengo sanena nthengo, ndipo akafuna kuchulukitsa amati mitengo, akafuna kunena kuti wagwa amati ntengo wagwa, osati yagwa. M'mutu mwake dzinalo likadali la gulu la Mu-Mi, ndipo kuumitsa kukadali pamwamba pa zonse. Galamala yake ndi ya wolemba mabuku zasiyana pa mizere iwiri yoyandikana basi. Mphunzitsi ali ndi ufulu wochonga nkazi kuti ndi cholakwa, poti malamulo a kalembedwe, kuyambira nthawi ya Chichewa Board imene inakhazikitsidwa mu 1972, amafuna mkazi. Koma akamuuza mwana kuti sadziwa kulankhula, walakwa ndi iyeyo. Mwanayo akulemba zimene akumva, ndipo akumva bwino.

Pali njira yachidule yothandizira mwana wotereyu, ndipo ikuchokera m'malamulo omwewa. Akakayika pakati pa m ndi n, achulukitse dzinalo. Likasintha kumayambiriro, monga misika, mitengo, akazi, ndiye kuti pali mu- wobisika, alembe m. Likapanda kusintha, monga nsomba, nthochi, nkhuku, ndiye kuti ndi N, alembe malinga ndi konsonanti yotsatira. Chizindikiro chachiwiri ndi h: akamva t kapena k wopanda kampweya pambuyo pa liwu la m'mphuno kumayambiriro kwa dzina, ameneyo si N wa gulu la I-Zi. Koma chizindikirochi chimagwira mbali imodzi yokha. Kupezeka kwa h sikutsimikiza kanthu, poti matsinde ena ali ndi h wawo kale. Mphika umaoneka ngati mphasa, koma yambiri ndi miphika, ndipo h akadalipo. Mphunzitsi wachokera ku kuphunzitsa. Wongoyang'ana chotuluka sangadziwe. Ayenera kufunsa cholowa.

Si akatswiri onse amene amakhutira ndi ndondomeko ya masitepe. Kuyambira ndi ntchito ya John Goldsmith ya mu 1976 ndi ya George Clements ya mu 1985, ambiri anayamba kuona malo ngati chinthu choima pachokha, chimene maliwu awiri angathe kugawana. M'kaganizidwe kameneka N alibe malo, ndiye amalumikizidwa ku malo a konsonanti yotsatira. Chotsala cha ndi nachonso chataya malo ake, ndiye chimachita chimodzimodzi. Koma m wa mu- ali ndi milomo yake kale, sasowa kanthu. Wonena nkazi ndiye kuti walola m kutaya milomo ija. Njira imeneyi imayankha bwino funso loti chifukwa chiyani, ndipo imaletsa kulemba malamulo opanda nzeru amene alefa amalola, poti ndi alefa mungathe kumangirira zinthu ziwiri zosagwirizana konse. Komabe siyithetsa nkhani ya h mwa iyo yokha. Muyenerabe kunena kuti kuumitsa kumachitika m'kati mwa mawu, pamene mphatikira akumangidwa ku tsinde, osati pakati pa mawu awiri. Kumeneko ndi kunena za ndondomeko ndithu, m'mawu ena. Ndipo sizochita kufunika kuti zikhale choncho m'chilankhulo chilichonse: m'Chitumbuka ni- wa ine akakumana ndi ku- amatulutsa nkhu-, monga mu nkhukhumba, pamene Mchewa wofupikitsa ndikufuna amati n'kufuna, wopanda h. Wofuna kuzama angapeze zambiri za maliwu ndi maphatikizo a Chichewa m'buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la mu 2017, The Phonology of Chichewa.

Kutengera malo si kwa maliwu a m'mphuno okha. Vawelo nayo imakoka konsonanti. Mphatikira amene Mswahili amamutchula ki-, monga mu kitu, kwa ife ndi chi-, monga mu chinthu. Kalelo anali k, koma i amatchulidwa lilime litakwera kutsogolo, ndiye anamukokera k komweko: `k → tʃ / _ i`. Kusiyana kwake ndi lamulo la m'mphuno n'kwakuti ili linagwira ntchito yake n'kufa. Lero timati kufikira, kuphikira, kiyi, ndipo k sagwedezeka. Lamulo lolembedwa ndi muvi siliuza lokha ngati ndi lamoyo kapena ndi mbiri chabe. Chimauza ndi mawu atsopano.

Tikayesa malamulo athu ndi muyeso umenewu, apezeka kuti sali ndi mphamvu zofanana. Mphatikira N sakuperekedwanso kwa alendo: mbatata ndi nsapato anamulandira, koma foni, kapu ndi tebulo analowa osavala kanthu, ndipo palibe amene amati nkhapu. M'kati mwa mawu obwereka timalemba kampani, simenti, banki, thanki, opanda h pambuyo pa m kapena n, zimene tsinde lenileni la Chichewa silikanalola. Ngakhale m'mawu akale muli ena okana kumvera: kukongola ndalama kumabala ngongole, pamene lamulo la kuumitsa likanafuna nkh. Mawu otere timangowalemba padera, osakakamiza lamulo kuti liwameze. Koma kutengera malo ndiye sikunagonje pena paliponse mwa amenewa. Mu kampani muli m, mu simenti muli n, mu banki ndi ngongole muli ŋ, ndipo dzina lililonse latsopano limene lingalowe m'Chichewa mawa lili ndi liwu la m'mphuno logundana ndi konsonanti m'kati mwake lidzatchulidwa motero.